Tadala Akagula Ndiwo pa Lizulu: Zokambirana Zoyeserera kwa Ongoyamba Kumene

Werengani zokambiranazi mokweza, anthu atatu kapena anayi, aliyense atenge munthu wake. Mukamaliza musinthane, wogula akhale wogulitsa.

Nkhaniyi ikuchitikira pa msika wa Lizulu, m'boma la Ntcheu, m'mbali mwa msewu wa M1 wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Pamenepa ndi pamalire: mukangowoloka msewu mwalowa mu Mozambique. Kuderali kumazizira, motero kabichi, kachewere, tomato ndi anyezi zimachita bwino. Tadala ndi mtsikana wa zaka 13. Anakulira ku Joni, ndipo Chichewa akuchiphunzira kumene. Lero wabwera ndi agogo ake aakazi. Ndalama ndi dengu agogo apatsa iyeyo kuti azilankhula yekha. Wogulitsa ndiwo zamasamba ndi Anambewe.

Moni choyamba

Tadala: Tomato ndalama zingati?

Agogo: Iwe Tadala, wayamba ndi mtengo? Apatse moni kaye amayiwa.

Tadala: Pepani. Zikomo amayi. Wadzuka bwanji?

Agogo: Munthu wamkulu sitinena kuti "wadzuka". Timati "mwadzuka".

Tadala: Mwadzuka bwanji, amayi?

Anambewe: Ndadzuka bwino mwanawanga, kaya iwe?

Tadala: Ndadzuka bwinonso, zikomo.

Anambewe: Zikomo. Nanga agogo mwadzuka bwanji?

Agogo: Tadzuka, kaya inu anzathu?

Anambewe: Tadzuka ndithu. Kunyumba kuli bwanji?

Agogo: Kuli bwino, koma kuzizira. Malonda akuyenda?

Anambewe: Pang'onopang'ono. Mwanayu ndi mlendo?

Agogo: Ndi mdzukulu wanga. Wabwera dzana kuchokera ku Joni.

Anambewe: Takulandira. Dzina lako ndani?

Tadala: Dzina langa ndine Tadala.

Anambewe: Dzina labwino. Ndikugulitse chiyani, Tadala?

Onani kuti Anambewe akumutchula Tadala kuti "iwe" chifukwa ndi mwana, pomwe Tadala ayenera kunena kuti "inu". Mukakhala kuti simukudziwa ngati munthu ndi wamkulu kwa inu kapena ayi, nenani "inu" basi, palibe amene angakwiye nazo. Kukakhala kuti ndi masana, moni wake ndi "Mwaswera bwanji?" ndipo yankho lake ndi "Ndaswera bwino, kaya inu?" Moni wa "Muli bwanji?" umagwira nthawi ina iliyonse.

Tomato ndi mpiru

Tadala: Ndikufuna tomato. Mukugulitsa bwanji?

Anambewe: Mulu waung'onowu ndi faifi handiredi. Waukuluwu ndi wani sauzande.

Tadala: Pepani, sindinamve. Nenaninso pang'onopang'ono.

Anambewe: Uwu, K500. Uwu, K1,000.

Tadala: Ndamva tsopano. Mulu waung'onowu uli ndi tomato angati?

Anambewe: Werenga wekha.

Tadala: Mmodzi, awiri, atatu, anayi, asanu. Tomato asanu.

Anambewe: Wakhoza. Ukufuna milu ingati?

Tadala: Ndipatseni milu itatu.

Agogo: Sankha wolimba. Wofewayo sachedwa kuwonongeka.

Tadala: Uwu, uwu, ndi uwo uli kumapetowo.

Anambewe: Milu itatu, wani sauzande faifi handiredi. Chinanso?

Tadala: Nkhwani ulipo?

Anambewe: Pepa, nkhwani watha. Mpiru ndi umene ulipo, wothyola lero m'mawa.

Tadala: Mtolo umodzi ndi ndalama zingati?

Anambewe: Thu handiredi.

Tadala: Agogo, nditenge mitolo ingati?

Agogo: Tilipo anthu asanu kunyumba. Tenga itatu.

Tadala: Ndipatseni mitolo itatu, amayi.

Anambewe: Umodzi, iwiri, itatu. Sikisi handiredi.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ongoyamba kumene. Powerenga zinthu timawerenga m'Chichewa: mulu umodzi, milu iwiri, milu itatu. Koma potchula ndalama, pamsika anthu amati faifi handiredi, wani sauzande, thu sauzande. Mawu akuti "mazana asanu" ndi "chikwi chimodzi" alipo ndithu, ndipo ndi bwino kuwadziwa, koma mukakauza wogulitsa tomato kuti muli ndi makwacha mazana asanu, ayamba waseka kaye asanakupatseni mulu wanu.

Kunenerera

Tadala: Kabichi uyu ndi bwanji?

Anambewe: Mmodzi ndi wani sauzande thu handiredi.

Tadala: Ii, wadula!

Anambewe: Sanadule, mwanawanga. Tamunyamula uone kulemera kwake.

Tadala: Ndi wolemeradi. Koma chonde tsitsaniko pang'ono.

Anambewe: Ukufuna angati?

Tadala: Awiri.

Anambewe: Awiri ndi thu sauzande folo handiredi. Iwe uli ndi zingati?

Tadala: Ndili ndi wani sauzande faifi handiredi.

Anambewe: Ayi, pamenepo ndiluza. Nanenso ndimachita kupikula. Wonjezera.

Tadala: Nanga thu sauzande?

Anambewe: Chabwino, poti ndiwe mlendo. Tenga awiri pa K2,000.

Tadala: Zikomo kwambiri, amayi.

Agogo: Waiwala anyezi.

Tadala: Eya, anyezinso. Mulu umodzi wokha.

Anambewe: Faifi handiredi. Basi?

Tadala: Basi, zakwana.

Kunenerera si kukangana. Tadala wati "chonde tsitsaniko", ndipo kachidutswa ka "-ko" kameneka kamafewetsa pempho. "Tsitsani" amamveka ngati kulamula, pomwe "tsitsaniko" ndi kupempha. N'chimodzimodzi "ndipatseni" ndi "ndipatseniko", "ndithandizeni" ndi "ndithandizeniko". Komanso si chilichonse chimene timanenerera. Kabichi wamkulu kapena ndowa ya kachewere, inde. Mtolo wa mpiru wa K200, ameneyo mungolipira.

Kulipira ndi chenje

Tadala: Zonse pamodzi ndi ndalama zingati?

Anambewe: Tiye tiwerengere limodzi. Tomato K1,500. Mpiru K600. Zakwana zingati?

Tadala: Thu sauzande wani handiredi.

Anambewe: Kabichi K2,000.

Tadala: Folo sauzande wani handiredi.

Anambewe: Anyezi K500.

Tadala: Folo sauzande sikisi handiredi.

Anambewe: Masamu ukuwatha, mwana iwe.

Tadala: Nayi ndalama, amayi. Faifi sauzande.

Agogo: Ndi dzanja lamanja. Lamanzerelo ligwirizire mkono, chonchi.

Tadala: Landirani, amayi.

Anambewe: Zikomo. Chenje chako ndi zingati?

Tadala: Folo handiredi.

Anambewe: Dikira pang'ono, zing'onozing'ono zandithera. Achimwene! Inu a mazira! Tandisinthireniko wani sauzandeyi.

Wa mazira: Bweretsani. Nayi faifi handiredi, ma thu handiredi awiri, ndi wani handiredi.

Anambewe: Mwandithandiza. Tadala, nachi chenje chako. Werenga.

Tadala: Thu handiredi, thu handiredi. K400. Chakwana.

Agogo: Nanga basela, Anambewe? Tagula zambiritu.

Anambewe: Sindingaiwale, agogo. Nawa tomato awiri, ndi katsabola aka.

Tadala: Basela n'chiyani, agogo?

Agogo: Ndi kanthu kowonjezera kamene wogulitsa amakupatsa ulere ukamugula bwino. Ena amati pulaizi.

Tadala: Zikomo kwambiri, amayi. Mwatichitira zabwino.

Ngati muli ndi ndalama zenizeni poyeserera, zigwiritseni ntchito, kuti maso azolowere. Pa K200 pali nkhope ya Rose Chibambo, pa K500 ndi pa K2,000 pali John Chilembwe, pa K1,000 ndi pa K5,000 pali Kamuzu Banda. Mitengo ya m'zokambiranazi ndi yongoyeserera. Tomato amatsika mtengo akachuluka, amakwera akasowa, ndiye mukapita kumsika mufunse.

Mazira: kupitirira zisanu

Agogo: Kwatsala mazira. Nayi K3,000 ina. Pita wekha, ine ndili pompano.

Tadala: Zikomo achimwene. Mwadzuka bwanji?

Wa mazira: Ndadzuka bwino, achemwali, kaya inu?

Tadala: Ndadzuka bwino. Dzira limodzi ndi ndalama zingati?

Wa mazira: Folo handiredi.

Tadala: Ndipatseniko mazira zisanu ndi chimodzi.

Wa mazira: Mukutanthauza mazira asanu ndi limodzi?

Tadala: Eya, pepani. Asanu ndi limodzi.

Wa mazira: Palibe kanthu. Tiwerenge. Limodzi, awiri, atatu, anayi, asanu, asanu ndi limodzi.

Tadala: Ili lasweka.

Wa mazira: Zoonadi. Pepani, ndikusinthirani. Nali lina.

Tadala: Zikomo. Ndi thu sauzande folo handiredi, eti?

Wa mazira: Ndi momwemo. Onjezerani limodzi akhale asanu ndi awiri.

Tadala: Ayi, zikomo. Omwewa akwana.

Wa mazira: Chabwino. Mwandipatsa K3,000, chenje chanu ndi K600. Muwaike pamwamba pa kabichiyo, angasweke.

Manambala a Chichewa amasintha kutsogolo kwake potsata chinthu chimene mukuwerenga. Timati dzira limodzi, mazira awiri, mulu umodzi, milu iwiri, nthochi imodzi, nthochi ziwiri, chinanazi chimodzi, zinanazi ziwiri, kabichi mmodzi. Mukafika pa zisanu mumayambiranso: nthochi zisanu ndi imodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi. Khumi yekha ndiye sasintha: mazira khumi, milu khumi, nthochi khumi. Zoona zake n'zakuti pamsika ambiri akapitirira zisanu amangoti mazira sikisi, seveni, eyiti, naini, ndipo nanunso mukatero akumvani.

Kutsanzikana

Tadala: Agogo, ndagula. Nachi chenje, K600, ndi K400 ija.

Agogo: Zonse pamodzi?

Tadala: Wani sauzande.

Agogo: Sunga, tikwerera kabaza. Tsanzika tsopano.

Tadala: Amayi, ife tapita. Tsalani bwino.

Anambewe: Pitani bwino. Mukapereke moni kunyumba.

Agogo: Akamva. Zikomo, Anambewe.

Anambewe: Udzabwerenso, Tadala. Nkhwani ndidzakusungira.

Tadala: Ndidzabwera Loweruka. Mudzandisungire mitolo iwiri.

Anambewe: Iwiri yokha?

Tadala: Itatu, ndi basela.

Tsopano yeserani nokha. Ikani patebulo nthochi 7, mazira 10 ndi milu 4 ya kachewere, kapena miyala m'malo mwake. Wogulitsa aike mitengo yake, wogula akhale ndi K5,000. Wogula akayamba kufunsa mtengo asanapereke moni, wogulitsa asamuyankhe.