Tikufuna mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, woona amayi oyembekezera ndi makhanda

Pulojekiti yathu ya uchembere wabwino ikufuna munthu mmodzi woti azigwira ntchito m'midzi 6 imene ili mbali ya kutsidya kwa mtsinje, makomo alipo pafupifupi 400 ndipo mudzi wakutali kwambiri uli pa makilomita 14 kuchoka pachipatala chathu chaching'ono. Kontirakiti ndi ya miyezi 12, ikhoza kuonjezedwa ngati ntchito ikuoneka. Bwana wanu adzakhala anamwino aakulu a ku mateniti, ndi amene muzikawapatsa lipoti.

Tinene poyambirira pomwe kuti ena asavutike kulemba kalata: iyi si ntchito ya mu ofesi ndipo si ntchito yobereketsa. Simudzabereketsa mayi aliyense pakhomo, olo achibale akuchondelereni bwanji, olo mutakhala kuti munaonapo kambirimbiri mmene zimachitikira. Ntchito yanu ndi kuyenda khomo ndi khomo, kuona msanga pamene zinthu zayamba kulakwika, ndi kuonetsetsa kuti mayi kapena mwana wafika kuchipatala nthawi isanathe. Zina zonse zili m'munsimu zikuchokera pamenepo.

Muzikhala ndi kaundula wa amayi onse oyembekezera m'midzi yanu, ndipo apa mpamene pamafunika munthu amene anthu amamukhulupirira chifukwa amayi ambiri sanena kuti ali ndi pakati mpaka mimba itaonekera, pamene ife tikufuna ayambe sikelo miyezi 3 yoyamba isanathe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti mayi azionedwa ka 8 asanachire, ndiye inu muzikumbutsa masiku, kufunsa ngati akumwa mapilitsi owonjezera magazi aja (ambiri amasiya akawachititsa nseru, ndiye osangofunsa kuti mukumwa, pemphani akuonetseni paketi), ngati akugona mu neti, ngati analandira mankhwala oteteza malungo ndi katemera wa kafumbata, komanso ngati anayezetsa magazi limodzi ndi abambo. Mayi aliyense muzimuyendera kosachepera katatu asanachire. Ulendo womaliza mukhale pansi ndi banja lonse, abambo ndi apongozi omwe, mugwirizane kuti matenda akayamba usiku adzayenda pa chani, adzamuperekeza ndani, ana otsala adzawaona ndani, ndipo amene amakhala kutali apite kuchidikiro masiku asanakwane makamaka nthawi ya mvula mtsinje ukadzadza.

Koma chimene tikulembera munthu kwenikweni ndi sabata yoyamba mwana akabadwa. Mwa makhanda 4 alionse amene amamwalira mwezi usanathe, pafupifupi 3 amamwalira m'masiku 7 oyambirira, nthawi imene mayi watuluka kale kuchipatala ndipo aliyense pakhomo akuona ngati zonse zatha bwino. Ndiye muzifika pakhomo tsiku loyamba mayi akangobwerako, tsiku lachitatu, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndipo pa masabata 6 muonetsetse kuti wabwerera kusikelo. Likagwera Lamlungu kapena pa holide mupitabe.

Mukafika sambani m'manja ndi sopo musanagwire mwana, banja lizikuonani mukutero. Muyeze kutentha kwa thupi, muwerenge kapumidwe kwa mphindi yathunthu mwana ali phee osati akulira, muone mchombo, maso ndi khungu, ndipo mukhale pompo mpaka muone mwana akuyamwa ndi maso anu, osangomva zoti akuyamwa bwinobwino. Mwana amene wasiya kuyamwa, akukomoka, akupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi, chifuwa chikulowa mkati kwambiri akamapuma, thupi lafika 37.5 kapena latsika pansi pa 35.5, wangoti lefu sakutakataka mpaka mutamugwedeza, mchombo wafiira kapena ukutuluka mafinya, kapena chikasu chafika m'manja ndi kumapazi, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo, osati tione kaye mawa. Mulembe kalata yotumizira, muimbire anamwino kuti akudikireni, ndipo ngati banja likuzengereza muperekeze nokha. Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wosafika makilogalamu 2.5 amafuna maulendo owonjezera, komanso kuphunzitsa kangaru, kumuika pachifuwa khungu kwa khungu usana ndi usiku, abambo ndi agogo azilandizana ndi mayi kuti naye apumeko.

Mayi nayenso musamuiwale, zimachitika kwambiri kuti aliyense maso ali pa mwana. Kutaya magazi ambiri, mutu waukulu limodzi ndi kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, zotuluka kumaliseche zonunkha, zonsezi nzothamangira nazo. Mumufunsenso mmene akumvera mumtima, pali amayi amangolira okha kapena kusafuna kumugwira mwana ndipo palibe amene amawafunsa.

Zophunzitsa ndi zomwe zija: kuyamwitsa mu ola loyamba, mkaka woyamba wachikasu uja osautaya, bere lokha mpaka miyezi 6 popanda madzi kapena china chilichonse, kusamusambitsa mwana mpaka patatha maola 24, kusapaka chilichonse pamchombo kupatula chimene achipatala apereka, katemera, ndi kulera kuti papite zaka 2 mimba ina isanabwere. Kuloweza zimenezi nkosavuta, chovuta ndi kuwauza agogo amene analera ana 9 popanda kuwanyoza, ndiye ngati muli munthu wokalipa ntchitoyi ikukanikani.

Za mapepala ndi zochepa koma tizizifuna pa nthawi yake. Kaundula azikhala wolembedwa tsiku lomwelo, lipoti lizifika pa 5 mwezi uliwonse, ndipo imfa ya mayi kapena khanda muzinena pasanathe maola 24. Kamodzi pamwezi muzikumana ndi atsogoleri a midzi ndi komiti ya zaumoyo.

Tikufuna munthu wa zaka 21 kupita mtsogolo, wamkazi kapena wamwamuna, amene anamaliza sekondale, amatha kulemba ndi kuwerengera bwino, amatha kupalasa njinga ndi kugwiritsa ntchito foni, ndipo akukhala m'mudzi umodzi mwa midzi 6 imeneyi kapena ali wokonzeka kusamukirako, zoti muzichokera kutauni mmawa uliwonse ayi. Amene anadziperekapo pa ntchito zaumoyo ali ndi mwayi woposa. Chinsinsi ndiye osanena, mudzadziwa amene ali pa ma ARV, amene mimba yake abambo akuikana, mtsikana wa pasukulu amene makolo ake sanadziwe, ndipo tikangomva kuti nkhani yotere yatuluka kudzera mwa inu ntchito yathera pomwepo. Kulandira ndalama kwa banja lililonse kapena kugulitsa mankhwala nakonso nkoletsedwa.

Wosankhidwa adzayamba ndi maphunziro a masabata 6, awiri mwa amenewo adzakhala ku mateniti. Tidzapereka njinga, chikwama, choyezera kutentha thupi, sikelo ya mwana, wotchi, renikoti, gambutsi ndi mayunitsi a foni mwezi uliwonse. Anamwino azibwera kudzayenda nanu kamodzi pamwezi. Malipiro ndi a pamwezi ndipo tidzakambirana pa intavyu.

Lembani kalata pamanja, tsamba limodzi lokwana, munene mudzi umene mukukhala ndi chifukwa chimene mukuifunira ntchitoyi, muphatikize fotokope ya satifiketi ndi ya chitupa, komanso kalata yochokera ku komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwanu. Kasiyeni kwa anamwino aakulu ku mateniti pasanafike pa 28 Febuluwale 4 koloko madzulo. Palibe cholipira chilichonse, wina akakuuzani kuti mupereke kenakake kuti dzina lanu lidutse ameneyo ndi wakuba, dzatiuzeni. Tidzaimbira okhawo amene asankhidwa kuti abwere ku intavyu, ndipo pa intavyupo tidzakupatsani chidole ndi nsalu kuti mutionetse mmene mungaphunzitsire mayi kangaru.