Malangizo a pa benchi: bolodi ya TL072 yomwe ikunjenjemera pa sikweya wevu

Kwa amisiri onse a pa shopu yathu ya ku Kamwala. Malangizowa ndi a mabolodi asanu ndi limodzi a pulayampu omwe tikukonzera tchalitchi cha ku Matero. Chonde aliyense awerenge asanagwire sodala.

Mukalowetsa sikweya wevu, mzere wa pa sikopu ukulumpha kupitirira pamene umayenera kuima, kenako ukugwedezeka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi usanakhazikike. Opu-ampu yake, TL072, siinapse ayi. Chavuta ndi chakuti siginolo yobwerera ku pini ya mainasi ikufika mochedwa. Fidibaki imagwira ntchito pochotsera, koma kuchedwako kukafika madigiri 180 pa firikwensi imene geni ya lupu yatsika kufika pa 1, kuchotsera kumasanduka kuwonjezera, ampulifaya nkuyamba kulira yokha. Madigiri otsala kuti tifike pamenepo ndiwo fezi majini. TL072 imadya kale madigiri 90 mkati mwake, ndiye kapasita iliyonse yobisika panjira ikudya pa 90 otsalawo.

Kalumphidwe kamatiuza zambiri. Kulumpha kwa 9% ndiye kuti majini ili cha pa madigiri 60, 23% ndi 45, ndipo 40% ndi 30. Pa ntchito ino tikufuna 60 kapena kuposa.

Poyesa, jenereta ikhale pa 10 kHz, 100 mV basi. Siginolo yaikulu imakafika pa malire a liwiro la chipu, 13 V/µs, nkubisa kunjenjemerako. Pulobu ikhale pa x10, ndipo yambani mwaiyesa pa kachitsulo ka CAL ka sikopu, chifukwa pulobu yosachunidwa bwino imaonetsa kulumpha kumene kulibe. Pa x1 pulobu payokha imawonjezera pafupifupi 100 pF. Onaninso kuti pa mapini 8 ndi 4 pali 100 nF iliyonse kupita ku gilaundi, miyendo yaifupi.

Tsopano chotsani kebulo ya autiputi. Ngati kunjenjemera kukadalipo, wakuba wa majini ali ku inuputi, ndipo pa mabolodi awa ndi mmene zilili. Rezista ya fidibaki Rf ndi ya inuputi Rin onse ndi 100 kΩ, ndipo pini 2 pamodzi ndi soketi ndi njira yaitali ya kopa zili ndi pafupifupi 20 pF, yomwe ndi Cin. Marezista awiriwo akamaonedwa kuchokera pa pini 2 ndi 50 kΩ:

```
f = 1 / (2π × 50k × 20p) ≈ 159 kHz
```

Popanda kapasita imeneyi, chipu ya 3 MHz ikanatseka lupu pa 1.5 MHz. Ndi iyo, lupu ikutsekera cha pa 490 kHz, majini yatsala madigiri 18 okha. Yesani nokha kutalika kwa funde limodzi la kunjenjemerako: mupeza pafupifupi 2 µs. Mukapeza choncho, musafunefunenso kwina.

Mankhwala ake ndi kapasita yaing'ono, Cf, yopingasa pa Rf, kuchoka pa pini 1 kupita pa pini 2. Mabuku amati Rf × Cf = Rin × Cin, kutanthauza 20 pF, kapena 22 pF yomwe ndi yapafupi, koma imeneyo imadula ampulifaya pa 72 kHz popanda chifukwa. Yambani ndi 4.7 pF: powerengera, majini imakwera kufika cha pa madigiri 70. Ngati kakulumpha kakadalipo ikani 10 pF. Ngodya za wevu zikayamba kuzungulira ngati msana wa kamba, mwapitirira. Kapasitayo ikhale ya seramiki ya C0G kapena NP0, osati X7R. Pa mabolodi atsopano ndi bwino kungotsitsa marezista onse awiri kufika pa 10 kΩ, malinga ngati gwero la siginolo lingathe kuwakoka, poti vutolo limasamukira ku 1.6 MHz.

Mukatha apo bwezerani kebulo. Kunjenjemera kukabwerera, ndiye wakuba wachiwiri. Kebulo ya kowakisi imakhala ndi pafupifupi 100 pF pa mita, choncho mamita 10 opita ku mikisa ndi 1 nF yathunthu, yomwe ikukumana ndi rezisitansi ya mkati mwa autiputi ya chipu nkuchedwetsanso siginolo. Dulani njira ya kopa, muike rezista ya 100 Ω pakati pa pini 1 ndi kebulo. Apa samalani kwambiri: Rf ndi Cf zitsale ku mbali ya chipu. Mukazilumikiza ku mbali ya kebulo, mwalowetsa kuchedwako mkati mwa lupu ndipo zinthu ziipiraipira. Pa katundu wa 10 kΩ rezistayi imangotayitsa 1% ya siginolo.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: musaike kapasita kuchoka pa autiputi kupita ku gilaundi pofuna kuzimitsa phokoso. Imeneyo ndi kebulo ina yowonjezera, ndipo chipu ikhoza kuyamba kulira pa firikwensi yomwe khutu silimva, nkumangotentha.

Wina akafuna kusintha TL072 ndi NE5534, adziwe kuti mapini ake ndi osiyana, komanso imakhazikika yokha pa geni ya 3 kupita m'mwamba. Pansi pa apo imafuna 22 pF pakati pa mapini 5 ndi 8.

Bolodi isachoke pa benchi musanaiyese ndi kebulo yake yeniyeniyo, kulumpha kusapitirire 10%. Lembani kapasita yomwe mwaika pa kapepala kake.