Kagwiritsidwe ntchito ka kanema: pepala la Agogo

Agogo, pepalali ndalimata pakhoma pafupi ndi kanema kuti lizikukumbutsani ine ndikabwerera ku Lilongwe. Ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa cha maso anu. Musaope kudina. Palibe batani limene lingaononge kanema, ngakhale mutadina molakwitsa.

MARIMOTI ALIPO AWIRI

Yaitali, imene ndaimanga kansalu kofiira, ndi ya kanema. Ntchito yake ndi kuyatsa, kukweza mawu ndi kusankha khomo.

Yaifupi, ya kansalu koyera, ndi ya dikoda, kabokosi kakuda kali pansi pa kanema kaja. Ntchito yake ndi kusintha matchanelo basi.

Podina, lozetsani mutu wa rimoti ku chinthu chimene mukuchilamula. Kansalu koluka kamene mumafunditsa dikoda kazichotsedwa mukamaonera, chifukwa kakaphimba kutsogolo dikodayo simva rimoti, komanso imatentha.

KUYATSA

Yatsani soketi yapakhoma. Dinani batani lofiira la pamwamba pa rimoti yofiira kamodzi kokha, kenako dikirani. Dikoda imachedwa kudzuka, ndiye muwerenge pang'onopang'ono mpaka 30. Mukadina kachiwiri chifukwa chofulumira, ndiye kuti mwazimitsanso.

KUSANKHA KHOMO

Apa ndi pamene panakuvutani sabata yatha, mpaka munaphonya mapemphero a Lamulungu m'mawa poganiza kuti kanema wapsa. Sanapse ayi.

Kanemayu ali ngati nyumba ya makomo angapo. Zithunzi za dikoda zimalowera khomo lina, za makina a DVD zimalowera linanso, ndipo kanema amatsegula khomo limodzi lokha pa nthawi imodzi. Mukaona galasi lakuda kapena labuluu lolembedwa No Signal, ndiye kuti watsegula khomo limene kulibe mlendo. Kawirikawiri zimachitika magetsi akazima n'kuyakanso, kapena ana akaseweretsa rimoti.

1. Tengani rimoti yofiira.
2. Dinani batani lolembedwa SOURCE. Ndalidontheza utoto wa zikhadabo kuti chala chizilimva ngakhale mumdima.
3. Pagalasi pabwera mndandanda wa mawu. Ndi kamuvi koloza pansi, tsikani mpaka mzere wowala ufike pa HDMI 1.
4. Dinani OK, batani lozungulira lapakati.

HDMI 1 ndi khomo la matchanelo. AV ndi khomo la DVD, mukafuna kuonera makwaya a Umanyano aja amene anzanu a ku Katawa anakupatsani. Mukatha kuonera makwayawo, bwererani ku HDMI 1 nthawi yomweyo kuti mawa musadzavutike. Mawu ena onse a pamndandandawo asiyeni. Mndandanda ukazimirira musanasankhe, dinaninso SOURCE, yambirani pomwepo.

KUSINTHA TCHANELO

Tengani rimoti yoyera. CH+ imapititsa kutsogolo, CH- imabweza m'mbuyo. Dinani kamodzi, dikirani chithunzi chibwere, kenako dinaninso. Dzina la tchanelo limaoneka m'munsi kwa kanthawi. Manambala a MBC, Zodiak, Times ndi Luntha ndawalemba pa kapepala kuseri kwa rimoti yomweyo, ndiye mukhoza kungodina nambalayo m'malo moyendayenda.

Pa rimoti yofiira palinso CH+ ndi CH-, koma amenewo musawakhudze. Ndi amene amachotsa kanema pakhomo la dikoda. Ndawamata selotepi dala.

MAWU

Rimoti yofiira. VOL+ kukweza, VOL- kutsitsa. Nambala imaoneka pagalasi: 18 imakukwanirani masana. Mvula ikamagunda malata kwezani mpaka 30, koma ikakata mutsitse, makamaka usiku, poti khoma lathu ndi la anebawo ndi limodzi.

Anthu akamayankhula koma mawu osamveka, yang'anani pakona. Mukaona kachithunzi ka sipika kodulidwa ndi mzere, dinani MUTE kamodzi, mawu abwerera. Batani lomwelo ndi lothandiza foni ikalira kapena mlendo akaodira.

ZIKAVUTA

Pagalasi pakabwera zolembalemba zachilendo, dinani EXIT kawiri kapena katatu.

Chithunzi chikamaduka timabokosi nthawi ya mvula yamphamvu, musasinthe kalikonse. Chimabwerera chokha mvula ikakata. Kukachita ziphaliwali, zimitsani pakhoma ndi kuzula pulagi.

Rimoti ikakana, sinthani mabatire. Imalowa awiri ang'onoang'ono olembedwa AAA, ndipo ndasiya anayi m'kabotolo ka mabatani a malaya m'kabati. Mbali yosalala ya batire imagunda kasipuling'i.

Zonsezi zikakanika, zimitsani pakhoma, imwani kaye tiyi wanu, kenako yatsaninso. Zikapitirira, ndiflasheni, ndikuimbirani tichitire limodzi. Mukhale mutagwira rimoti yofiira ndi magalasi anu m'maso.

Ndine mdzukulu wanu.