Mafunso a Lachinayi ku ofesi ya msonkho

Azakhali, tsiku lokakambirana za msonkho womwe akukulipiritsani atafufuza mabuku a sitolo yanu ine ndidzakhala ku Mzuzu, ndiye pepalali mulitenge. Mudzapite ndi kalaliki wanu azikalemba mayankho, dzina la woyankha ndi udindo wake.

Musanakhale n'komwe pansi, funsani ichi: "Kodi nkhumanoyi ikuimitsa masiku ochitira apilo, kapena akuwerengedwabe? Tsiku lomaliza ndi liti?" Bwalo la apilo za misonkho lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2021, ndipo apilo ili ndi nthawi yake. Kukambirana kukakoma munthu amaiwala kalendala.

Kenako K18,400,000 yomwe akukulipiritsani ija aigawe muli pomwepo. "Msonkho weniweni ndi zingati, chindapusa zingati, chiwongoladzanja zingati? Za 2022 ndi ziti, za 2023 ndi ziti? Chiwongoladzanjacho chikukwerabe pamene tikukambiranapa?"

Mtima wa nkhani uli pa sitetimenti ya kubanki, musathamangirepo.

"Kodi ndalama iliyonse yolowa mu akaunti mwaiwerenga ngati malonda a sitolo? Ndionetseni mzere ndi mzere."

"K9,000,000 ya pa 14 Juni 2022 ndi ngongole yochokera kwa mchimwene wanga wa ku Joni. Kalata yogwirizana nayi. Mukuikana chifukwa chiyani, nanga umboni womwe mungaulandire ndi wotani?"

Funso la umboni lija ndilo lofunika. Akati kalata yolemba pamanja siyokwanira, musakwiye. Anene okha chomwe akufuna, kaya risiti yotumizira ndalama kaya kalata yolumbira. Chimodzimodzi ndalama za lole yomwe mudagulitsa: tengani pepala losinthira umwini. Pa malisiti a simenti omwe adanyowa denga litadontha, ine sindikuonapo mphamvu. Ingofunsani kuti, "Titabweretsa makope kuchokera kwa otigulitsa, mubwezeretsa VAT yomwe mwaichotsa?" Akakana, zisiyeni.

"Mukutsamira gawo liti la lamulo pa chilichonse mwa izi?" Nambala ya gawolo ilembedwe, ndidzaiwerenga ndekha.

"Amene mukuunika nkhaniyi, kodi mudali nawo m'gulu lomwe lidabwera kusitolo kudzafufuza mabuku? Muli ndi mphamvu yosintha chiwerengero, kapena zikasainidwa kwina? Ndi ndani, ndipo liti?"

Akatchula zogwirizana, musagwedeze mutu msanga. "Ndikavomera gawo limodzi, ndingachitebe apilo pa zotsalazo? Zomwe ndalankhula muno zingakatchulidwe kubwalo? Chindapusa chingachotsedwe? Ndingalipire pang'onopang'ono kwa miyezi ingati? Ndisanachite apilo ndiyenera kulipira kaye zingati? Nanga pakadali pano mugwira akaunti yanga, kapena kundimana chiphaso chosonyeza kuti ndilibe ngongole ya msonkho?" Chiphasocho mukuchifuna pa tenda ya Ogasiti ija.

Potuluka: "Chigamulo chanu mundipatsa cholembedwa, ndi zifukwa zake? Chibwera pa kalata kapena pa Msonkho Online?"

Akakupatsani chosaina, mupemphe kupita nacho kunyumba. Mundijambulire pa foni, ndidzachiona madzulo omwewo.