Ndemanga pa lipoti la pachaka lomwe mwamasulira m'Chikoreya

Mayi Chirwa,

Ndawerenga masamba onse 18 a lipoti la kampani ya makadamiya ija, uku ndikuyang'ana la Chingerezi. Ntchito mwaigwira ndithu, koma lisapite kaye kwa ogula a ku Busan manambala asanakonzedwe. Zonse ndazichonga ndi zofiira m'fayilo. Muno ndingotchula zikuluzikulu.

Kulondola kwa uthenga

Patsamba 4, katundu yemwe kampani inagulitsa ndi wa K2.5 biliyoni, koma inu mwalemba 2억 5천만 콰차. 억 imodzi ndi 100 miliyoni, ndiye kuti ndalamazo mwazichepetsa kakhumi. Palembedwe 25억 콰차. Chizungu chimadula manambala pa maziro atatu pomwe Chikoreya chimadula pa anayi, choncho nambala iliyonse yoposa miliyoni muziyamba mwailemba yonse ndi maziro ake, kenako muidule kuchokera kumanja. Chonde chitani zimenezi m'matebulo onse, ngakhale omwe sindinachongemo.

Patsamba 7, phindu lotsala msonkho utachotsedwa mwalitcha 영업이익. Limeneli ndi phindu la pa malonda enieni, chiwongoladzanja ndi msonkho zisanachotsedwe. Lomwe likunenedwa apa ndi 당기순이익. Wowerengera ndalama aliyense aona msanga kuti mzerewo sukugwirizana ndi tebulo la m'munsi mwake.

Patsamba 9, gawo la katundu wopita ku Asia lakwera kuchoka pa 12% kufika pa 15%. Mukati 3% 증가 mwanena zina. Lembani 3%p 상승. Komanso chaka cha kampaniyi chimatha pa 31 Marichi, pomwe makampani ambiri a ku Korea amatseka mabuku mu Disembala. Paliponse pomwe mwalemba 작년 ikani 전 회계연도, ndipo patsamba loyamba tchulani miyezi yake.

Kumveka bwino

Masamba 10 mpaka 13, onena za alimi ndi kakololedwe, akuwerengeka ngati analembedwa ku Seoul komwe. Musawakhudze. Kwinako Chingerezi chikumvekabe pansi. Chiganizo choti 매출이 가뭄에 의해 감소되어졌다 chalemera mosafunikira. 가뭄으로 매출이 감소했다 n'chokwanira. Fufuzani 에 의해 ndi 되어지다 m'fayilo yonse. 그것 nayenso wachuluka, ndipo malo ambiri mungomufufuta.

Kalembedwe

Mwasakaniza mathero a -습니다 ndi -다, ndipo patsamba 15 palowanso -요, womwe m'lipoti sayenera kupezeka. Kalata ya wapampando ikhale ya -습니다, lipoti lenilenilo la -다, mfundo zachidule za patsamba 2 zithere ndi -함 kapena -음. M'malo mwa 우리 회사 lembani 당사. Lilongwe mwamulemba mitundu iwiri. Tigwiritse ntchito 릴롱궤.

Mundibwezere pofika Lachinayi 12 koloko masana, kuti mnzathu wa ku Korea aliwerenge Lachisanu. Ngati pali pomwe simukugwirizana nane, makamaka pa kalembedwe, lembani m'mbali tikambirane. Koma za manambala musinthe basi, palibe chokambirana.

Ine mnzanu,
Gondwe