Kuyerekeza mindandanda pogwiritsa ntchito limiti: mungasankhe bwanji muyezo?

Kwa nonse a kalasi ya kalikulasi 2,

Ndachonga ntchito yanu ya mindandanda yosatha, ndipo funso lachinayi lagwetsa ambiri. Lamulo mukulidziwa, pafupifupi aliyense analilemba molondola pamwamba pa tsamba. Pomwe pakuvuta ndi posankha bₙ, mndandanda woyerekezera nawo uja, womwe pano ndiziutcha muyezo. Ena mukungotola 1/n kapena 1/n² ngati mukuchita maere. Muwerenge pepalali musanabwere Lachinayi.

Lamulo lenilenilo ndi ili. Tili ndi Σaₙ ndi Σbₙ, ndipo matemu onse ndi oposa ziro, kapena ayamba kuposa ziro kuchokera pa n ina yake mpaka m'tsogolo monse. Tipeze

```
L = lim (n→∞) aₙ / bₙ
```

Ngati 0 < L < ∞, mindandanda iwiriyi imayendera limodzi: ukakhazikika umodzi pa nambala inayake, winawo ukhazikikanso, umodzi ukathawira ku ∞, winawo uthawanso. Chifukwa chake n'chachifupi. Ngati aₙ/bₙ ikuyandikira L, ndiye kuti n ikakula mokwanira gawoli likhala pakati pa L/2 ndi 3L/2, choncho (L/2)bₙ < aₙ < (3L/2)bₙ. Kuchulukitsa mndandanda ndi nambala yosasintha yoposa ziro sikusintha khalidwe lake, ndipo matemu oyambirira, ngakhale atakhala miliyoni, amangosintha kukula kwa chiwonkhetso, osati kukhalapo kwake. Basi.

Ubwino wa njirayi umaoneka pa Σ 1/(2ⁿ − 1). Maso akuona kale kuti ukufanana ndi Σ 1/2ⁿ, koma kuyerekeza mwachindunji kukukanika, pakuti 1/(2ⁿ − 1) ndi wamkulu kuposa 1/2ⁿ, ndipo kuposa chinthu chokhazikika sikutiuza kanthu. Limiti ilibe nazo ntchito za yemwe ali pamwamba: 2ⁿ/(2ⁿ − 1) → 1, nkhani yatha, mndandanda ukukhazikika.

Miyezo yomwe muyenera kuidziwa pamtima ndi yochepa. Σ 1/nᵖ umakhazikika pamene p > 1 ndipo umathawa pamene p ≤ 1. Σ rⁿ, pomwe r ndi woposa ziro, umakhazikika pamene r < 1. Malire a p = 1 aja ndi Σ 1/n, womwe Nicole Oresme anaonetsa cha m'ma 1350 kuti umathawa, pophatikiza matemu m'magulu a 1, 2, 4, 8 ndi kupitirira, gulu lililonse likufika theka kapena kuposa. Wachitatu ndiutchula kumunsiku.

Tsopano kasankhidwe. Muyezo sitimauganizira, timauwerenga kuchokera mu aₙ mwini. Funso ndi limodzi: n ikakula kwambiri, ndani akulamulira pamwamba, ndani akulamulira pansi? Olamulirawo asungeni, ena onse atayeni. Funso lachinayi lija linali ili:

```
aₙ = (3n² + 5n) / √(n⁷ + 4n + 1)
```

Pamwamba akulamulira n². Pansi, mkati mwa sikweya ruti, akulamulira n⁷, ndipo akatuluka mu ruti akhala n^(7/2). Kotero bₙ = n²/n^(7/2) = 1/n^(3/2). Nambala 3 ija musaivutikire, itulukira yokha ngati L. Powerengera limiti, gawani pamwamba ndi n², pansi ndi n^(7/2):

```
aₙ/bₙ = (3 + 5/n) / √(1 + 4/n⁶ + 1/n⁷) → 3
```

L = 3, p = 3/2 > 1, mndandanda ukukhazikika. Ambiri munaiwala ruti n'kulemba bₙ = 1/n⁵. Limiti inakutulukirani ∞, inu n'kulemba kuti mndandanda ukuthawa. Limiti ikatuluka 0 kapena ∞ pa funso la mtundu uwu, nthawi zambiri ikukuuzani kuti muyezo wanu suli pa msinkhu umodzi ndi aₙ. Bwererani mukaonenso mapawa.

Kuti mudziwe wolamulira, sungani dongosolo ili, kuyambira wochedwa kukula mpaka wofulumira: ln n, kenako nᵖ (p > 0), kenako rⁿ (r > 1), kenako n!, kenako nⁿ. Tengani aₙ = (2ⁿ + n⁵)/(3ⁿ − n²). Muyezo ndi (2/3)ⁿ, L = 1, ukukhazikika. Pano ndikuchenjezeni za kalikuleta. Pa n = 10, n⁵ ndi 100,000 pomwe 2ⁿ ndi 1,024 chabe, ndipo munthu akhoza kulumbira kuti n⁵ ndiye akulamulira. 2ⁿ amadzamupitirira kotheratu pa n = 23. Kuyesa manambala ang'onoang'ono kumathandiza kugwira zolakwika za kuchulukitsa, koma sikusankha wolamulira.

Lamulo lotaya ang'onoang'ono lili ndi msampha, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mudekhe. Onani aₙ = √(n² + 1) − n. Mukataya 1, mutsala ndi n − n = 0, ndipo ziro si muyezo. Akuluakulu awiriwo adyana okhaokha, ndiye khalidwe lonse la aₙ lili mwa wamng'ono uja munamutaya. Konzani kaye kalembedwe, pochulukitsa pamwamba ndi pansi ndi √(n² + 1) + n:

```
√(n² + 1) − n = 1 / (√(n² + 1) + n)
```

Tsopano pansi palibe kuchotsera, tingataye 1 mosaopa: aₙ akufanana ndi 1/(2n). Muyezo ndi 1/n, L = 1/2, mndandanda ukuthawa. Paliponse pomwe mwaona chizindikiro chochotsera pakati pa zinthu ziwiri zofanana msinkhu, imani kaye musanataye kalikonse.

Zimakhalanso chimodzimodzi ndi sin, cos, ln ndi e pamene mkati mwake muli kanthu kopita ku ziro. Mindandanda ya Taylor ndiyo imatipatsa muyezo: x akakhala wamng'ono, sin x ≈ x, ln(1 + x) ≈ x, eˣ − 1 ≈ x, ndipo 1 − cos x ≈ x²/2. Choncho Σ sin(1/n) ukuyenda ndi Σ 1/n, ukuthawa. Σ (1 − cos(1/n)) ukuyenda ndi Σ 1/n², L = 1/2, ukukhazikika. Nanga 1/n − sin(1/n)? Oyambawo adyananso, ndiye pitani pa temu yotsatira: sin x = x − x³/6 + ..., chotsala ndi 1/(6n³), muyezo 1/n³, L = 1/6. Dziwani kuti chizindikiro ≈ ndi chopezera muyezo pa pepala loyeserera. Pa yankho ndikufuna kuona limiti yowerengedwa.

Nanga L ikakhala 0 kapena ∞, tataya zonse? Ayi, patsala theka. Ngati L = 0 ndipo Σbₙ ukukhazikika, Σaₙ ukukhazikikanso, popeza aₙ wayamba kuchepera bₙ. Ngati L = ∞ ndipo Σbₙ ukuthawa, Σaₙ ukuthawanso. Njira ziwiri zotsalazo sizinena kanthu: kuchepera chothawa ndi kuposa chokhazikika.

Theka limeneli ndi lomwe limatipulumutsa pa malogarizimu, chifukwa ln n safanana msinkhu ndi pawa iliyonse ya n. Tengani aₙ = (ln n)/n². Mukayesa bₙ = 1/n², gawo ndi ln n → ∞, ndipo muyezo ndi wokhazikika: simunapeze kanthu. Mukayesa bₙ = 1/n, gawo ndi (ln n)/n → 0, muyezo ndi wothawa: simunapezenso kanthu. Nzeru ndi kuona kuti p = 2 ali ndi mpata pamwamba pa malire a 1, ndipo ln n ndi wofooka moti kachidutswa kalikonse ka mpatawo kamukwanira. Sankhani p pakati pa 1 ndi 2, tinene 3/2. Gawo likhala (ln n)/√n → 0, muyezo ndi wokhazikika, choncho Σ (ln n)/n² ukukhazikika.

Koma pamene pawa ili pamalire enieni, mpata palibe. Σ 1/(n ln n), kuyambira n = 2, sungagwidwe ndi 1/nᵖ aliyense: p ≤ 1 apereka L = 0 ndi muyezo wothawa, p > 1 apereka L = ∞ ndi muyezo wokhazikika. Apa siyani kuyerekeza, gwiritsani ntchito intigiralo: ∫ dx/(x ln x) = ln(ln x), yomwe imakula mosalekeza, ngakhale mochedwa kwambiri. Njira yomweyo ikupatsani muyezo wachitatu uja: Σ 1/(n (ln n)^q) umakhazikika pamene q > 1 pokha. Ukakhala nawo, funso ngati Σ (n + 1)/(n² (ln n)²) limangofuna mizere itatu.

Chitsanzo chomwe ine ndimachikonda ndi Σ 1/n^(1 + 1/n). Pawa ndi yoposa 1 pa n iliyonse, ndiye wofulumira alemba kuti p > 1, ukukhazikika. Koma p wa lamulo lija ndi nambala yosasintha, pomwe uyu akutsetsereka kupita ku 1. Yerekezani ndi 1/n: gawo ndi 1/n^(1/n), ndipo n^(1/n) → 1. L = 1, mndandanda ukuthawa.

Mawu oti matemu akhale oposa ziro si okongoletsera. Tengani bₙ = (−1)ⁿ/√n ndi aₙ = (−1)ⁿ/√n + 1/n. Gawo lawo ndi 1 + (−1)ⁿ/√n → 1. Komabe Σbₙ ukukhazikika mwa lamulo la Leibniz la zizindikiro zosinthasintha, pomwe Σaₙ ndi womwewo kuphatikiza Σ 1/n, choncho ukuthawa. Matemu akamasintha zizindikiro, yesani |aₙ|. Σ|aₙ| ukakhazikika, Σaₙ ukhazikikanso; ukathawa, za Σaₙ simunadziwebe kanthu. Nthawi zinanso limiti kulibe n'komwe, monga pa (2 + sin n)/n² poyerekeza ndi 1/n², pomwe gawo limangoyendayenda pakati pa 1 ndi 3. Pamenepo kuyerekeza mwachindunji n'kokwanira: aₙ ≤ 3/n². Ndipo mukaona n!, kawirikawiri kugawa aₙ₊₁ ndi aₙ kumafulumira kuposa kufunafuna muyezo.

Ena atatu munalemba kuti chiwonkhetso cha funso lachinayi ndi 3. L si chiwonkhetso. Σ 1/n² ndi π²/6, monga anapezera Euler, pomwe Σ 1/(n² + n) ndi 1 ndendende, koma gawo la matemu awo likupita ku 1. Njirayi imangoyankha kuti ukukhazikika kapena ayi.

Pa mayeso, malikisi onse adzapita kwa yemwe wanena kuti matemu ndi oposa ziro, watchula bₙ ndi chifukwa chomwe Σbₙ ukukhazikikira kapena kuthawa, wawerengera L poyera, n'kumaliza ndi chiganizo chonena za Σaₙ. Lachinayi mubwere mutayesa awa:

```
(a) Σ (n + cos n) / (n³ − n + 1)
(b) Σ (√(n + 1) − √n) / n
(c) Σ (e^(1/n²) − 1)
(d) Σ (ln n)³ / n^(1.1)
```

Pa (d) mpata ulipo koma ndi wochepa, 0.1 yokha. Musadalire kalikuleta, chifukwa gawolo limayamba lakwera kwa nthawi yaitali kwambiri lisanayambe kutsika; gwiritsani ntchito lamulo la L'Hôpital katatu, kapena ikani n = eᵗ.