Uthenga wothokoza onse amene anagwira ntchito yosesa ndi kutsegula ngalande Loweruka lapitali

Zikomo mafumu athu, akuluakulu a mipingo ndi a mzikiti, amayi, abambo ndi achinyamata nonse amene muli pa gulu lino. Ndikulemba m'malo mwa komiti ya chitukuko ya dera lathu kuno ku Ndirande, pofuna kuthokoza aliyense amene anatengapo mbali pa ntchito yosesa ndi kutsegula ngalande imene tinagwira Loweruka lapitali, komanso kupereka lipoti la mmene ndalama zanu zinayendera. Uthengawu ndi wautali ndithu, koma tikupempha kuti muuwerenge mpaka kumapeto, ndipo amene muli ndi anzanu oyandikana nawo omwe alibe foni ya WhatsApp muwafotokozereko.

M'kaundula wathu munalembedwa anthu 143, ndipo tikudziwa kuti ena anabwera n'kugwira ntchito osalembetsa. Tinayamba 6 koloko m'mawa ndipo gulu lomaliza linaweruka cha m'ma 2 koloko masana, dzuwa lili pamutu. Ngalande yaikulu, imene imachokera kumtunda kwa msika wathu waung'ono n'kukathira mu mtsinje wa Nasolo, tsopano ndi yotseguka kuyambira pa chigayo mpaka pa kamlatho ka matabwa. Malo ozungulira kiyosiki ya madzi asesedwa, dzala limene linaunjikana kuseri kwa mabenchi a nsomba lachotsedwa, ndipo lole inanyamula zinyalala maulendo atatu kukataya ku Mzedi.

Kuthokoza koyamba kupite kwa achinyamata amene analowa m'ngalande momwemo. Amene munaima pamwamba munaona nokha kuti pa kalavati ya pamphambano matope anali kufika m'mawondo, akuda bii, ndipo fungo lake linali lothamangitsa munthu. Anyamata ndi atsikana amenewa anasinthanasinthana kwa maola anayi, ena akukumba ndi makasu, ena akuwola ndi mafosholo, ena akukoka ndi manja zinthu zimene khasu linalephera. M'kamwa mwa kalavatiyo munatuluka matewera a ana otaya, majumbo, mabotolo apulasitiki, nsanza, matayala awiri a galimoto ndiponso matiresi athunthu amene anapindika n'kutseka njira yonse ya madzi. Matiresiwo atatuluka, madzi amene anakhala ali chiimire kwa miyezi anayamba kuyenda pamaso pathu, ndipo amayi amene anali m'mbali analuluta. Ife a komiti tikuona kuti ntchito ya pa kalavati imeneyi ndiyo inali yolemera kuposa ina iliyonse pa tsikulo, ndipo makolo a ana amenewa muwauze kuti mudzi wonse wawaona.

Tikuthokoza anyamata a kabaza amene anasiya siteji yawo m'mawa wonse, pa tsiku limene makasitomala amachuluka, n'kumakankha mawilibala kuchokera ku ngalande kupita pamsewu pamene lole imatha kufika. Amayi a banki mkhonde, amayi a mvano ndi amayi a dawa anagawana misewu yosesa, ndipo ena mwa iwo ndi amene anaphika nsima ya nyemba ndi kabichi imene tonse tinadya. Thobwa limene linafika m'zigubu zitatu cha m'ma 10 koloko linali mphatso ya agogo athu awiri a kumunsi kwa chigayo, amene anati mphamvu zogwira fosholo alibe koma chimera ali nacho. Abale athu a mpingo wa Seventh Day sakanatha kubwera Loweruka, choncho anabwera Lamulungu m'mawa n'kumaliza kulongedza m'masaka zinyalala zimene zinatsala pa kamlatho. Tikuthokozanso alangizi a zaumoyo amene anayenda nafe, kutikonzera madzi a kolorini osamba m'manja ndi kutsukira zida, komanso onse amene munabwereketsa makasu, mareki, zikwanje ndi mawilibala anu. Mafumu athu tikukuthokozani chifukwa cha kulengeza za ntchitoyi pa maliro ndi pa misonkhano sabata ziwiri isanachitike, ndiponso chifukwa chokhala nafe pamalopo mpaka kumapeto.

Tsopano nkhani ya ndalama, monga mmene msungichuma waiperekera. Kuchokera m'makomo, pa chopereka cha K1,000 pa nyumba, tinatolera K186,000. Ochita malonda pamsika ndi eni magolosale anapereka K95,000, mipingo pamodzi ndi mzikiti inapereka K84,500, ndipo ana a dera lino amene ali ku Joni anasonkherana n'kutumiza K240,000. Zonse pamodzi zinakwana K605,500. Abale athu a ku Joni, amene ena mwa inu muli pa gulu lino, dziwani kuti popanda thandizo lanu sitikanakwanitsa kulipira lole, ndipo zinyalalazo zikanangokhala mulu m'mbali mwa msewu kudikira mvula kuti izibwezere m'ngalande momwe tinazichotsa.

Pa ndalama zimenezi, K210,000 inalipira lole pa maulendo atatu aja, ulendo uliwonse K70,000. Magolovesi mapeyala 60 anatenga K150,000, masaka 100 anatenga K60,000, chakudya chinatenga K118,000, sopo ndi kolorini K27,000, ndipo K12,500 inapita ku mipini yatsopano ndi kuwotcherera wilibala imodzi imene inathyoka mwendo. Zonse zimene tinagwiritsa ntchito ndi K577,500, kotero kuti yatsala K28,000, ndipo ili m'manja mwa msungichuma. Malisiti onse tiwajambula ndi kuwaika pano madzulo ano, kupatula a nkhuni ndi ndiwo zamasamba amene ogulitsa sapereka lisiti. Pa zimenezi pali pepala losainidwa ndi amayi awiri amene anapita kukagula. Aliyense amene akufuna kuona kaundula wa zopereka, kapena amene anatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba koma dzina lake silikuoneka, afike kwa msungichuma mosaopa, pakuti ndalamazi ndi zanu.

Ambiri mwakhala mukufunsa za mnyamata amene anachekedwa ndi botolo losweka kuphazi. Anatengeredwa ku chipatala nthawi yomweyo, bala linasokedwa, analandira jakisoni woteteza ku kafumbata, ndipo pano ali kunyumba akupeza bwino. Tikuthokoza bambo amene anamunyamula pa njinga yawo yamoto osalipiritsa. Ngoziyi yatiphunzitsa kuti ulendo wina aliyense wolowa m'ngalande ayenera kuvala majombo, ndipo komiti ikuganiza kuti ndalama yotsalayo ikhale poyambira kugula majombowo, ngati msonkhano uvomereze.

Pali nkhani ina imene sitingaibise ngakhale uno ndi uthenga wothokoza. Lolemba m'mawa, patangopita masiku awiri, pa kalavati ija panapezeka kale majumbo atatu a zinyalala zatsopano, ndipo awiri mwa iwo anali odzaza matewera. Sitikutchula munthu, ndipo tikupempha kuti pa gulu pano pasakhale kulozana zala kapena kuika zithunzi za nyumba za anthu. Tikudziwa kuti ambiri timakhala m'nyumba za lendi zopanikizana, mmene malo okumba dzenje la zinyalala mulibe, ndipo mayi amene ali ndi khanda amasowadi kotaya. Komabe thewera silisungunuka m'madzi, limafufuma n'kugwira mchenga ndi majumbo ena, ndipo pakangotha mvula ziwiri kapena zitatu kalavati imatsekeka monga mmene inalili. Madzi akasowa njira amalowa m'nyumba za kumunsi, amadzaza zimbudzi zokumba, ndipo zonyansazo zimafika pa malo amene ana athu amasewera ndi pamene timatunga madzi.

Zimenezi si nthano kwa ife anthu a mu Blantyre. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda uno ndi wa Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kutenga miyoyo ku Chilobwe, ku Manja ndi madera ena, ndipo ife amene tili m'tsinde mwa phiri la Ndirande tinaona mmene madzi amatsikira ndi mphamvu. Ngalande yotseguka singaletse namondwe, koma pa mvula ya masiku onse ndiyo imasiyanitsa nyumba youma ndi nyumba imene anthu akukapa madzi usiku. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo mawu amenewa tikuwapereka mwaulemu kwa anzathu amene mipanda yawo yalowa m'ngalande kumtunda kwa chigayo. Nkhani ya mipandayo komiti yaisiya m'manja mwa mafumu, amene akambirana ndi eni ake mwakachetechete.

Pofuna kuti thukuta la Loweruka lisapite pachabe, komiti yagwirizana ndi mafumu kuti masaka amene atsala agawidwe, thumba limodzi pa mpanda uliwonse wa m'mbali mwa ngalande, ndipo matumba odzaza azibweretsedwa pamsewu pafupi ndi kiyosiki Lachisanu lililonse m'mawa. Eni nyumba za lendi tikukupemphani kuti mukhale patsogolo pa zimenezi, chifukwa alendi anu amatsatira zimene mwakhazikitsa pa mpanda panu. Zinyalala zowola, monga makoko a nthochi, masamba ndi zotsala za ndiwo, zisalowe m'matumbamo. Abambo awiri amene ali ndi madimba kumunsi avomera kuzitenga kuti azipangira manyowa. Ochita malonda tikukumbutsani kuti majumbo opyapyala ndi oletsedwa m'dziko muno, ndipo ndi amene anachuluka kwambiri mu zimene tinawola. Mmene tizilipirira lole mwezi ndi mwezi ndi nkhani imene sitinaimalize, ndipo maganizo a chopereka cha K500 pa nyumba akufunika kuti inu eni ake muwavomereze kapena kuwakana.

Gawo la ngalande kuyambira pa kamlatho ka matabwa mpaka pa mtsinje silinathe, chifukwa pali miyala ikuluikulu imene ikufuna zitsulo zotengulira. Tikufuna kuligwira Loweruka la sabata yamawa, mvula yeniyeni isanayambe, ndipo tikupempha amisiri omanga nyumba amene ali ndi migwala ndi mahamala aakulu kuti adzatithandize. Tsiku limeneli sipadzakhala chakudya chophika, choncho tidzayamba 6 koloko n'kuweruka 10 koloko.

Msonkhano wa anthu onse udzachitika Lamulungu likudzali, 3 koloko masana, pa bwalo la amfumu, ndipo tidzakambirana za chopereka cha mwezi ndi mwezi, za majombo ndi za kusankha anthu awiri pa msewu uliwonse oyang'anira ngalande. Ku nyumba ya wapampando kwatsala makasu anayi, fosholo imodzi yopanda dzina, beseni lobiriwira ndi chitenje chimodzi. Eni ake akatenge, ndipo amene anatenga reki ya chitsulo yolembedwa ndi penti yofiira pa mpini aibweze komweko chifukwa ndi yobwereka. Ngati pali wina amene tamuiwala pothokoza, atidziwitse kuti dzina lake lidzatchulidwe pa msonkhanowo.

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni.

Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko, m'malo mwa wapampando ndi mamembala onse a komiti.